Pa K40 iliyonse, K1 ili ndi eni ake

Chitseko cha golosale n'chotseka theka, koma mwini wake ali m'kati. Mayi wina wagogoda kawiri kufuna mchere, ndipo wauzidwa kuti abwerenso ikatha swala ya masana.

Lero sakugulitsa chifukwa akuwerenga katundu.

Mnyamata wakwera pa mpando ndipo akutchula zimene zili pa mashelefu: mabelo a shuga, makatoni a sopo, zigubu za mafuta ophikira, mabatire, machesi. Bambo ake akubwereza nambala iliyonse mokweza. Pakona, pa kreti ya zakumwa yotembenuza, pakhala shehe wa mzikiti wa pafupi, kope pa bondo, cholembera m'manja.

Pano ndi pa kamsika kena m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi. Mwezi wa Ramadhani watsala pang'ono kuoneka. Mwini golosaleyu wachita malonda zaka zingapo, ndipo m'dera lonse amadziwika kuti si woumira. Koma aka n'koyamba kukhala pansi kuti awerengere zakaati yake.

Poyamba sankaona chifukwa chochitira zimenezi.

"A Shehe, simenti ya khonde la mzikiti ndinagula ndine. Mpunga wa pa sadaka ya malemu bambo anga munadya nawo inu nomwe. Amayi anga ndimawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi. Ndiye zakaati yake itinso?"

Shehe sanatsutse chilichonse mwa zimenezo. Anangoti: "Zonsezo Mulungu azilandire, achimwene. Koma palibe ngakhale chimodzi chimene ndingalembe m'kope muno."

Kusamvana kumeneku n'kofala m'dziko muno, momwe kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi Asilamu. Ambiri akamva mawu oti zakaati amaganiza za mtima wopatsa. M'malamulo a Chisilamu, zakaati ili pafupi ndi ngongole kusiyana ndi mphatso. Ili ndi mlingo wake, tsiku lake, ndi eni ake odziwika.

Ndi imodzi mwa nsanamira zisanu za chipembedzochi, pamodzi ndi shahada, swala, kusala m'mwezi wa Ramadhani ndi ulendo wa Haji. Mawu oti zakaati ndi a Chiarabu ndipo amanena za kuyeretsa ndi kukula. Ganizo lake ndi loti chuma cha munthu chikafika pa mlingo wina, kagawo kena m'kati mwake kamasiya kukhala kake. Akakasunga, ndiye kuti akusunga cha eni.

Lamuloli linakhazikika ku Madina, ndipo olemba mbiri ambiri amati munali m'chaka chachiwiri Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, atasamuka ku Maka. Mtumiki atamwalira mu 632, mitundu ina ya Aluya inati swala ipitiriza koma zakaati yaleka. Abubakari, amene analowa utsogoleri, anawatumizira asilikali.

Nkhondo yotere sinamenyedwepo chifukwa cha sadaka.

Kuno kwathu mawu oti sadaka ali ndi katundu winanso. M'midzi yambiri ya ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Nkhotakota, munthu akati "mawa kuli sadaka" amatanthauza mwambo wokumbukira malemu, pomwe anthu amasonkhana, kupempherera womwalirayo ndi kudya pamodzi, kawirikawiri pakatha masiku 40. Asilamu eni ake amasiyana maganizo pa mwambowu, ndipo mkangano umenewo si wa lero. Koma m'mabuku a malamulo, sadaka ndi chilichonse chabwino chimene munthu wapereka mwa kufuna kwake: mbale ya ufa, K500, chitsime, ngakhale kuchotsa minga pa njira.

Sadaka ilibe mlingo. Wolemera ndi wosauka onse angapereke, tsiku lililonse, kwa aliyense, Msilamu kapena Mkhristu. Ukapanda kupereka wataya malipiro, koma sunalakwire munthu.

Zakaati imakhudza Msilamu yekhayo amene chuma chake chafika pa mlingo wotchedwa nisabu. Mlingowu unayezedwa ndi ndalama za nthawi ya Mtumiki: madinari 20 a golide kapena madirihamu 200 a siliva. Pa sikelo ya masiku ano, ophunzira ambiri amati ndi magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva. Ena amakweza pang'ono, n'kunena 87.48 ndi 612.36.

Chumacho chikuyeneranso kukhala m'manja mwa mwini wake chaka chathunthu, ndipo chaka chake ndi chowerengera mwezi, cha masiku 354. N'chifukwa chake tsiku la zakaati ya munthu limabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse pa kalendala ya boma.

Zikakwana ziwirizi, gawo lake ndi limodzi pa magawo 40. Pa K1,000 iliyonse ndi K25.

M'golosale muja, kuwerenga kunatenga maola awiri, ndipo nthawi yambiri inathera pa kusiyanitsa zolowa m'kope ndi zosalowa.

Firiji sinalowe. Mashelefu, sikelo, njinga yamoto yokatengera katundu, nyumba imene banja likugonamo, zonsezi sizinalowe. Zimenezi ndi zida zogwirira ntchito ndi zofunika pa moyo, ndipo zakaati siizikhudza ngakhale zitakhala zodula chotani. Msodzi wa ku Malembo kapena ku Makanjira sapereka zakaati pa bwato ndi makoka ake. Koma ndalama zimene wasunga kuchokera ku nsomba zimawerengedwa, ndipo mayi wogula usipa wouma kuti akagulitse ku Limbe amawerengera usipawo ngati katundu wa malonda.

Chimene chinalowa ndi katundu yense wogulitsa, pa mtengo wake wa lero, osati umene anaodera miyezi yapitayo. Anakwana K3,200,000. M'kabati munali K350,000, m'foni K250,000, ku banki K1,400,000.

Kenako anatsegula buku la ngongole, lija la chikuto chothimbirira limene golosale iliyonse ili nalo.

Shehe analigawa pawiri. Mayina a aphunzitsi ndi anamwino amene amatenga katundu n'kubweza mwezi ukatha anawaphatikiza, n'kupeza K400,000. Ndalama imeneyi amaitenga ngati ili kale m'thumba, choncho inalowa. Dzina la mkulu wina amene anatenga katundu zaka ziwiri zapitazo n'kupita ku Joni osamvekanso analidumpha. Ngongole yokayikitsa chotero imadikira mpaka tsiku limene idzabwezedwe, ngati lidzafike.

Zonse pamodzi zinakwana K5,600,000.

Kodi zafika pa nisabu? Apa pamafunika mtengo wa siliva kapena golide wa tsiku limenelo, ndipo umasinthasintha. Kuti masamu aphweke, tiyerekeze kuti galamu ya siliva ili pa K2,000. Nisabu ingakhale K1,190,000, ndipo mwini golosaleyu waidutsa kutali. Muyezo wa golide umakhala wokwera kwambiri kuposa pamenepa, kotero kuti munthu yemweyo angapezeke kuti sanafikepo. Pa ndalama za mapepala ndi katundu wa malonda, ophunzira ambiri amalangiza kutsata siliva chifukwa ndi umene umapindulira osauka, pomwe ena amati golide ndiye wasunga mphamvu imene nisabu inali nayo kale. Shehe wa pa kamsikapa amatsata siliva.

Ndi chifukwa chakenso nisabu singalembedwe pa khoma la mzikiti kamodzi n'kuisiya. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nambala imene anthu ankaidziwa chaka chimenecho inatha ntchito nthawi yomweyo.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene mwini golosale ankachidikira. Iyenso ali ndi ngongole ya K800,000 kwa amene amamuodetsa katundu ku Limbe.

Apa mabuku amasiyana. Asilamu ambiri a m'dziko muno amatsata chiphunzitso cha Imamu Shafi, chimene chinabwera ndi amalonda ochokera ku gombe la Afirika ya kum'mawa. Pa chiphunzitsochi ngongole siichotsa zakaati: chuma chili m'manja mwako, pereka. Ambiri mwa Asilamu amene makolo awo anachokera ku India amatsata Imamu Abu Hanifa, amene amalola kuchotsa ngongole kaye.

Potsata njira yoyamba, gawo limodzi pa 40 la K5,600,000 ndi K140,000. Potsata yachiwiri, pamatsala K4,800,000, ndipo zakaati yake ndi K120,000.

Mwini golosale anayang'ana nambala ziwirizo kwa kanthawi. Kenako anaseka, n'kunena kuti simenti ya mzikiti ija yokha inadya ndalama zoposa pamenepo.

Ankanena zoona, ndipo m'pamene pagona nkhani. Nthawi zambiri zakaati imakhala yochepa poyerekeza ndi zimene munthu wopatsa amatulutsa pa chaka. Chomwe chimavuta ndi chakuti woperekayo sasankha yekha kopita ndalamazo potsata kumene mtima wake wakonda kapena kumene dzina lake limveke.

Korani, mu sura ya 9 ndime ya 60, imatchula magulu asanu ndi atatu okha. Oyamba ndi mafakiri ndi masikini, ndiye kuti osowa kotheratu ndi amene ali nako kangachepe kosakwanira. Pali ogwira ntchito yotolera ndi kugawa zakaatiyo, anthu amene mitima yawo ikufunika kulimbikitsidwa pa Chisilamu, akapolo ofuna kudziwombola, ndi anthu omira m'ngongole. Otsiriza ndi amene ali pa njira ya Mulungu, ndi wapaulendo amene zamuthera kutali ndi kwawo, ngakhale kwawoko ali wolemera.

Khonde la mzikiti mulibe m'magulu amenewa. Ophunzira ambiri akale ndi a lero amati zakaati iyenera kufika m'manja mwa munthu n'kukhala yake, choncho siimangira mzikiti, msewu kapena mpanda wa manda. Alipo ena a masiku ano amene amatambasula gulu la "pa njira ya Mulungu" kuti likwane ntchito zina za chipembedzo, koma ndi ochepa.

Mpunga wa pa sadaka ya malemu nawo sulowa. Pa mphasa paja panadya osauka, inde, koma panadyanso amfumu, eni magolosale anzake ndi shehe amene.

Za amayi ake ndiye zinamuwawa pang'ono. Munthu sangapereke zakaati kwa makolo ake, ana ake kapena mkazi wake, chifukwa kuwasamala ndi udindo wake kale. Kuwapatsa zakaati kungakhale kuchotsa ndalama m'thumba la kumanja n'kuika la kumanzere.

Koma mlongo wake, amene mwamuna wake anamwalira n'kumusiyira ana anayi, angalandire. Mphwake amene wakanika kubwerera ku sekondale chifukwa cha fizi angalandirenso. Ndipotu chiphunzitso chimati kupereka kwa m'bale wosauka wotere kuli ndi malipiro awiri, a chopereka ndi a kusunga ubale.

Ndiye bamboyu anafunsa funso limene aliyense angafunse: mwezi wathawu anam'patsa kale mlongo wakeyo K30,000, bwanji osangoichotsera pamenepo?

Sizitheka. Zakaati ndi pemphero la chuma, ndipo monga swala, imafuna niya, kutsimikiza mumtima pa nthawi yopereka kuti ichi ndi zakaati. Chimene unapereka ngati chithandizo wamba sungachisinthe dzina pambuyo pake. Wolandirayo sayenera kuuzidwa, makamaka ngati angachite manyazi. Koma woperekayo ayenera kudziwa chimene akuchita.

Pa chifukwa chofanana ndi chimenechi, ophunzira ambiri amati kufufuta dzina la wosauka m'buku la ngongole n'kunena kuti "imeneyo ndiye zakaati yanga" sikuloledwa. Kumeneko n'kudzipulumutsira ndalama imene inali itatayika kale.

Panalinso nkhani ina imene shehe anaisunga mpaka kumapeto. Zaka zimene golosale inali itadutsa kale nisabu koma mwini wake osawerengera sizinafufutike. Zakaati ya zaka zimenezo ikadali pa khosi pake, ndipo ayenera kuiyerekeza mmene angathere n'kuilipira, ngakhale pang'onopang'ono. Munthu akamwalira asanalipire, chiphunzitso cha Shafi chimati ichotsedwe pa chuma cha masiye ana asanagawane.

Apa mwini golosale sanasekenso.

Kunja kwa golosale, pa benchi ya telala, panali mkulu wina amene ankamvetsera zonsezi mosatekeseka, ngati nkhani ya anthu a ndalama. Iye ndi mlimi. Ku banki alibe akaunti.

Koma zakaati ya mbewu siyang'ana ku banki, ndipo siyembekezera chaka. Imatuluka pokolola. Nisabu yake ndi miyezo isanu yotchedwa wasaki, imene ophunzira a masiku ano amaiyerekeza ndi makilogalamu pafupifupi 650 a mbewu youma, yotongola kapena yopuntha kale. Amenewo ndi matumba 13 a makilogalamu 50.

Gawo lake ndi lalikulu kuposa la ndalama. Mbewu yothiriridwa ndi mvula, gawo limodzi pa 10. Yothirira ndi pampu kapena ndi mphamvu za munthu, gawo limodzi pa 20. Mlimi wokolola matumba 20 a chimanga cha mvula amatulutsa matumba awiri. Akakolola matumba 20 omwewo ku dimba ndi pampu ya petulo, amatulutsa limodzi.

Alimi a lero amadandaula, ndipo dandaulo lawo n'lomveka, kuti chimanga cha mvula sichilinso chaulere: feteleza, mbewu ndi aganyu zimadya ndalama zambiri. Mabuku akale sachotsa zolowa zimenezi. Ophunzira ena a masiku ano amalola kuchotsa, makamaka ngati mlimi anachita kukongola. Pa chiphunzitso cha Shafi, zakaati imeneyi imakhudza zakudya zosungika zimene anthu amadalira, monga chimanga, mpunga, mapira ndi nyemba. Tomato ndi masamba sizilowa.

Ziweto nazo zili ndi mlingo wake. Mbuzi kapena nkhosa zodya kubusa zikakwana 40 n'kutha chaka, imatuluka imodzi, ndipo imakhalabe imodzi mpaka zitafika 120. Ng'ombe zimayambira pa 30, pomwe pamatuluka mwana wa ng'ombe wa chaka chimodzi. Sasankha yodwala kapena yothyoka mwendo, komanso mwini wake sakakamizidwa kutulutsa yonenepa koposa zonse.

Motero m'mudzi umodzi zingatheke kuti mlimi wa nsapato zong'ambika ali ndi zakaati yoti apereke, pomwe mkulu wa mu ofesi wovala tayi alibe.

Apa m'pamene zakaati imasiyana ndi chakhumi chimene Akhristu ambiri amachidziwa. Chakhumi chimatengedwa pa zimene munthu walandira. Zakaati ya ndalama imatengedwa pa zimene zatsala n'kugona chaka. Wolandira malipiro okwera amene amathera lendi, fizi ndi chakudya mwezi usanathe sanafike pa nisabu. Alipo ophunzira a masiku ano amene amati malipiro akuluakulu azichotsedwa zakaati polandira pomwepo, koma ambiri sanapite nawo kumeneko.

Ndipo lamuloli limatsata chuma kuposa msinkhu wa munthu. Kwa a Shafi, mwana wamasiye amene anasiyiridwa ndalama zodutsa nisabu amatulutsiridwa zakaati ndi womuyang'anira. A Hanafi amati adikire akule. Pa ndolo ndi zibangili za golide zimene mayi amavala, zimatembenuka: a Hanafi amati ziwerengedwe, a Shafi amati ayi, bola zikhale zovala osati zosungiramo chuma.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi Ramadhani. Chifukwa choti ambiri amasankha kupereka m'mwezi umenewu pofuna malipiro ochuluka, ena amaganiza kuti zakaati ndi ya Ramadhani basi. Tsiku la zakaati ya munthu ndi tsiku limene chuma chake chakwanitsa chaka, ngakhale litagwa m'mwezi wina uliwonse. Kupereka msanga n'kololedwa. Kuchedwetsa miyezi kuti udikire Ramadhani, njala ya mu Febuluwale ikupweteka anthu pakhomo pako, n'kusunga cha eni popanda chifukwa.

Ya Ramadhani yeniyeni ndi ina, zakaati ya fitiri. Kwa a Shafi, imeneyi siyang'ana nisabu. Aliyense amene ali ndi chakudya chopitirira cha tsiku la Idi amatulutsa muyezo umodzi wa chakudya cha m'deralo, makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu, pa mutu uliwonse wa m'nyumba mwake, ngakhale khanda. Iyenera kufika kwa osauka swala ya Idi isanayambe. Anthu ambiri akapereka kambale ka mpunga kameneka amaona ngati athana nazo zonse, chonsecho ya chuma ikadali pomwepo.

M'maiko ena boma limalowererapo. Ku Pakistan, kuyambira mu 1980, mabanki amadula zakaati pa maakaunti ena tsiku loyamba la Ramadhani. Ku Saudi Arabia makampani amalipira ku bungwe la boma. Kuno palibe amene adzagogode pa golosale kufunsa lisiti, ndipo msonkho wa ku MRA sulowa m'malo mwa zakaati. Munthu amagawa yekha, kapena amapereka kudzera ku mzikiti ndi mabungwe monga Islamic Zakaat Fund, limene limadziwika ndi kulipirira fizi ophunzira osowa.

Kugawa wekha kuli ndi msampha wake, ndipo aliyense amene anayendapo m'matauni athu kumapeto kwa Ramadhani anauona. Mzere wa amayi ndi nkhalamba pa khomo la sitolo kuyambira m'mamawa, dzuwa likuwaotcha, kuti alandire kandalama kongokwana paketi ya shuga. Masiku ano pamakhalanso wina wojambula ndi foni.

Pa lamulo, mwina zakaatiyo yatuluka, ngati olandirawo alidi oyenera. Koma ine ndimaona kuti kumeneko n'kumwaza. Ophunzira akale a chiphunzitso cha Shafi, monga Imamu Nawawi, analemba kuti wosauka amene ali ndi luso apatsidwe zokwanira kugula zida za ntchito yake, ndipo wodziwa malonda apatsidwe mpamba. K140,000 yogawira anthu 70 imatha tsiku lomwelo. Yopatsa anthu awiri ingabweze mwana kusukulu n'kuyambitsa geni ya mandasi.

Chiphunzitso chomwecho chimalimbikitsanso kuti zakaati igawidwe m'dera limene chumacho chili. Mtumiki potuma Muadhi ku Yemen anamulangiza kuti chotengedwa kwa olemera a kumeneko chibwerere kwa osauka a komweko.

Adhana ya masana itamveka, shehe anang'amba tsamba m'kope lija n'kulipereka kwa mwini golosale. Pamwamba analembapo tsiku la mwezi wa Chisilamu, loti chaka chamawa adzawerengenso.

Bamboyu anasankha K140,000. Anati K90,000 ipita kwa mlongo wake, yotsalayo ku fizi ya mphwake, ndipo za zaka za m'mbuyo akhalanso pansi Idi ikadutsa.

Mnyamata uja anatsika pa mpando n'kutsegula chitseko chonse. Mayi wa mchere anali akudikirabe pa khonde.